Matumba 100 a mbatatesi: kuyankha momveka mayeso a zamalamulo m'Chingerezi

Wachinyamata wokulira ku Furancungo m'boma la Macanga, kapena m'mapiri ozizira a Tsangano, amayamwira Chinyanja, n'kudzaphunzira sukulu m'Chipwitikizi, chomwe ndime 10 ya malamulo aakulu a dziko la Mozambique a 2004 imachitcha chilankhulo cha boma. Chingerezi amakumana nacho ngati phunziro limodzi mwa maphunziro ambiri. Sukulu zophunzitsa zamalamulo m'dzikolo, kuyambira pa Yunivesite ya Eduardo Mondlane ku Maputo, zimaphunzitsa m'Chipwitikizi, choncho amene wasankha kuphunzira zamalamulo m'Chingerezi ndiye kuti wawoloka malire, ndipo pafupi kwambiri ndi ku Malawi, monga ku Zomba pa Yunivesite ya Malawi. Kuwolokako si kwachilendo kwa anthu a m'madera amenewa. Dzina loti Tsangano lili mbali zonse ziwiri za malire, ku Tete ndi ku Ntcheu, ndipo pa nthawi ya nkhondo yomwe idatha mu 1992 mabanja ambiri adathawira ku Malawi, ana n'kumaphunzira komweko. Koma wophunzira wotere akakhala m'chipinda cha mayeso, cholembera chili m'manja, amalemba m'chilankhulo chimene kwa iye n'chachitatu. Malikisi akatsika, amafulumira kunena kuti chamugwetsa ndi Chingerezi. Ine ndikuti nthawi zambiri chimene chimasoweka pa pepala lake ndi dongosolo la mfundo, ndipo munthu wodziwa mawu ochepa a Chingerezi akhoza kulemba yankho lomveka bwino ngati chiganizo chilichonse wachipatsa ntchito imodzi.

Nkhaniyi imaoneka bwino pa funso lenileni, la mtundu umene umabwera kawirikawiri pa phunziro la malamulo a mgwirizano, kapena kuti kontirakiti. Lolemba, pa msika wa Tsangano m'boma la Ntcheu, mlimi wina, a Phiri, alembera wamalonda wa ku Blantyre, a Banda, kuti akuwagulitsa matumba 100 a mbatatesi pa mtengo wa K40,000 thumba limodzi, ndipo awadikira mpaka Lachisanu masana. Lachiwiri a Banda ayankha ndi funso lakuti kodi a Phiri angalole kulandira theka la ndalama tsopano, theka linalo mwezi wamawa. A Phiri sayankha. Lachitatu a Phiri agulitsa matumba onse kwa Mayi Mbewe, ndipo madzulo a tsiku lomwelo dalaivala wa a Banda, amene adaona matumba akupakiridwa m'lole, awauza abwana ake. Lachinayi m'mawa a Banda atumiza uthenga woti avomera kugula pa mtengo uja. Funso limatha ndi mawu awiri okha, akuti langizani a Banda.

Yankho lofooka limadziwika pa ndime yoyamba. Limayamba ndi kutanthauzira kontirakiti, kenako limatchula zonse zofunika kuti kontirakiti ikhalepo, kenako limabwereza nkhani ya a Phiri ndi a Banda kuyambira Lolemba mpaka Lachinayi ngati kuti wochonga sadaiwerenge, pomwe ndi iyeyo amene adailemba. Tsamba loyamba limatha wophunzira asananene kuti vuto la a Banda lagona pati. Kalembedwe kameneka kali ndi kumene kadachokera, ndipo sikoyenera kukanyoza. Pa bwalo la mfumu wolankhula amayambira patali, amalemekeza anthu, amalondola chiyambi cha nkhani, ndipo chigamulo chimabwera pamapeto anthu onse atakhutira kuti amvedwa. Kusukulu ya Chipwitikizi nako mwana amazolowera ziganizo zazitali, zolumikizana ngati unyolo, zoyamba ndi mfundo yaikulu n'kumatsika pang'onopang'ono. Zonsezi zimagwira ntchito pamalo pake. Koma wochonga mayeso ali ndi mulu wa mapepala, pambali pake pali ndandanda ya mfundo zimene akuyembekeza, ndipo pafupifupi malikisi onse ali pa zinthu zitatu: kuzindikira vuto, kutchula lamulo lolondola pamodzi ndi mlandu kapena ndime imene likuchokera, ndi kulumikiza lamulolo ndi zimene zidachitika. Kubwereza nkhani sikuli pa ndandandapo.

Wolemba momveka amayamba ndi kudzifunsa kuti a Banda akufuna chiyani. Akufuna khoti linene kuti panali mgwirizano umene a Phiri adauphwanya. Mgwirizano umabadwa pamene ofa, ndiko kuti mawu otsimikiza a munthu wofuna kugulitsa kapena kugula pa mfundo zodziwika, yavomerezedwa ikadali yamoyo. Choncho funso lonse lasanduka limodzi: kodi Lachinayi m'mawa ofa ya a Phiri idali ikadali moyo? Chiganizo chimenechi ndicho choyenera kukhala choyamba pa pepala, ndipo chachiwiri chinene kuti ofayo ikadatha kufa m'njira ziwiri, Lachiwiri chifukwa cha yankho la a Banda, kapena Lachitatu chifukwa choti a Phiri adaibweza. Ndi ziganizo ziwiri zokha wochonga wadziwa kale kuti wophunzirayu waona pamene pali nkhani. Zoti uthenga wa Lolemba udali ofa yeniyeni n'zosakayikitsa, poti katundu, kuchuluka kwake ndi mtengo zonse zidatchulidwa, ndipo mzere umodzi ukwanira kunena zimenezi. Kutaya ndime yathunthu pa mfundo imene palibe angaitsutse ndi njira ina imene nthawi imathera.

Za Lachiwiri zili ndi milandu iwiri imene imaoneka ngati ikukokana. Pa mlandu wa Hyde ndi Wrench wa 1840, mwini munda adatchula mapaundi 1,000, wogula n'kunena kuti apereka 950, mwiniyo n'kukana. Wogula atabwerera kudzavomera 1,000 uja, khoti lidati ofa yoyamba idafa pamene iye adatchula mtengo wake. Pa mlandu wa Stevenson ndi McLean wa 1880, wogula zitsulo adatumiza telegalamu yofunsa ngati wogulitsa angalole kuti malondawo atambasulidwe pa miyezi iwiri, ndipo khoti lidati uku kudali kufunsa chabe, ofa idakhalabe yamoyo. Wophunzira wakhama amaidziwa milandu yonse iwiri, amailemba bwinobwino, kenako n'kunena kuti chifukwa chake ofa sidafe. Apa ndiye pamene malikisi amathawira, pakati pa lamulo ndi chigamulo, chifukwa sadaonetse chimene chamuchititsa kusankha mlandu wachiwiri. Chofunika ndi chiganizo chokhala ndi liwu loti chifukwa, lotsatidwa ndi chinthu chochokera m'funso. Alembe kuti uthenga wa a Banda ukufanana ndi wa pa mlandu wa Stevenson chifukwa udayamba ndi kodi, sudasinthe mtengo wa K40,000, ndipo sudanene kuti popanda kulipira pang'onopang'ono a Banda sagula. Aonjezere kuti a Phiri akhoza kunena kuti nthawi yolipira ndi mbali ya mtengo, koma kuti mfundo imeneyi njofooka poti a Banda adangopempha maganizo. Pali njira yapafupi yodziyesera: munthu ayang'ane ndime yake, ndipo ngati mulibe dzina la a Banda, la a Phiri, tsiku kapena ndalama, ndiye kuti walemba zimene adaloweza, sadayankhe funso.

Pa za Lachitatu ndi pamene mwana wa ku Tsangano kapena ku Macanga ayenera kuchenjera kuposa mnzake wa ku Lilongwe, ndipo vuto lake silikhudza galamala. Malamulo a anthu wamba amene Mozambique idatsala nawo italandira ufulu mu 1975 ndi aja adalembedwa ku Portugal mu 1966, ndipo ndime 230 imati ofa ikafika kwa munthu amene walemberedwa siingabwezedwe, pokhapokha mwini wake atanenerathu kuti akhoza kuibweza. Mwa malamulo amenewa, a Phiri atanena kuti adikira mpaka Lachisanu adadzimanga. Chikumbumtima cha munthu aliyense woleredwa bwino chimanenanso chimodzimodzi, kuti mawu ukapereka uyenera kuwasunga. Koma malamulo a Malawi pa nkhaniyi adachokera ku Mangalande, kudzera m'lamulo la 1902 limene lidabweretsa m'dzikomo malamulo achingelezi monga adalili pa 11 Ogasiti chaka chimenecho, ndipo kumeneko lonjezo silimanga munthu ngati winayo sadaperekepo kanthu kosinthanitsa, kamene aloya amati konsidareshoni. Pa mlandu wa Routledge ndi Grant wa 1828 munthu amene adapereka masabata asanu ndi limodzi adaloledwa kubweza mawu ake nthawiyo isanakwane. A Banda sadalipire ngakhale tambala kuti a Phiri awasungire mbatatesi, choncho a Phiri adali omasuka. Chotsala n'chakuti kubwezako kuyenera kufika m'makutu mwa winayo asanavomere. Pa mlandu wa Dickinson ndi Dodds wa 1876, nyumba ya mapaundi 800 idalonjezedwa mpaka Lachisanu 9 koloko m'mawa, koma Lachinayi wogula adamva kwa munthu wina kuti mwini nyumba wayamba kale kugulitsa kwa wina, ndipo khoti lidati kumva kumeneku kudakwanira. Dalaivala wa a Banda adaona ndi maso ake, ndipo ndi munthu amene a Banda amamudalira. Yankho limatsekedwa ndi ziganizo zitatu zazifupi: ofa idafa Lachitatu madzulo; uthenga wa Lachinayi udalibe choti uvomere; a Banda alibe mlandu wolimba, ngakhale kuti zikadakhala zina akadapanda kumva kanthu asanatumize uthengawo.

Yankho lonseli silidafune liwu lovuta, kupatula mawu atatu kapena anayi a ntchito ya uloya, amene alibe owalowa m'malo ndipo ayenera kulembedwa monga momwe alili m'buku. Komabe ena amatsutsa, ndipo chotsutsa chawo choyamba n'chakuti Chingerezi chosavuta chimaoneka chachibwana, kuti loya amadziwika ndi mawu akuluakulu ndi Chilatini, ndipo majaji enieniwo amalemba ziganizo zazitali. N'zoona kuti zigamulo zambiri, makamaka zakale, zili ndi ziganizo zodzaza theka la tsamba. Koma jaji amalemba ali ndi masabata, mabuku ali pambali, ndipo owerenga ake alibe kuchitira mwina koma kumuwerenga mpaka amumve. Wophunzira ali ndi mphindi zowerengeka ndi wowerenga mmodzi wotopa. Ngakhale pakati pa majaji, Lord Denning, amene zigamulo zake zimawerengedwa m'sukulu za zamalamulo kulikonse kumene malamulo achingelezi adafika, adatchuka ndi ziganizo zazifupi zimene munthu wamba amatha kuzitsata. Chiganizo chachitali chimavuta munthu wolemba m'chilankhulo chachitatu pa chifukwa chooneka ndi maso: akafika pakati amakhala ataiwala mwininkhani amene adayamba naye, mneni n'kusemphana naye, ndipo wochonga sadziwanso kuti amene adaphwanya lonjezo ndani. Chiganizo chikadutsa mizere itatu ya pepala la mayeso, kawirikawiri mumakhala mfundo ziwiri zimene zikufuna kulekanitsidwa.

Chotsutsa chachiwiri n'cholemera, ndipo mbali ina ndikugwirizana nacho. Akuti dongosolo silingapulumutse munthu amene galamala yake njosweka. Zolakwika zonse sizilemera mofanana. Kuiwala timawu tija Chingerezi chimaika patsogolo pa dzina, timene m'Chichewa mulibe, kumakwiyitsa wowerenga koma sikusintha tanthauzo. Pali zolakwika zina zochepa zimene zimasintha lamulo lenilenilo, ndipo izi ndi zimene wophunzira ayenera kuzisaka dala. Choyamba ndi mlowam'malo. Ife timati iye kwa mwamuna ndi kwa mkazi yemwe, pomwe Chingerezi chimasiyanitsa, ndipo dzanja likamathamanga limasokoneza awiriwa. Pa funso lathuli pali amuna awiri ndi mayi mmodzi, choncho mlowam'malo mmodzi wolakwika akhoza kupereka mbatatesi kwa munthu wina. Mankhwala ake ndi kubwereza dzina, Phiri, Banda, Mbewe, ngakhale kumveke kotopetsa. Chachiwiri ndi kusiyana kwa liwu lotanthauza kuti akhoza ndi lotanthauza kuti ayenera. Kulemba kuti khoti liyenera pamene lamulo likuti khoti likhoza ndiko kulanda jaji ufulu wosankha umene lamulo lidamupatsa, ndipo wochonga amakutenga ngati kusadziwa lamulo. Chachitatu ndi nthawi ya mneni, poti milandu yambiri ya kontirakiti imagona pa chimene chidayamba kuchitika. Wokayikira mneni wake alembe tsiku: Lachitatu adamva, Lachinayi adavomera.

Chipwitikizi nacho chili ndi misampha yakeyake, yoopsa chifukwa mawu ake amafanana kwambiri ndi a Chingerezi moti munthu sakayika n'komwe. Liwu lomveka kuti sentensa limatanthauza chigamulo cha jaji pa mlandu uliwonse, koma mnzake wa m'Chingerezi, sentensi, m'khoti amatanthauza chilango cha munthu wopezeka wolakwa pa mlandu waupandu. Wolemba kuti khoti lidapereka sentensi pa mlandu wa Hyde ndi Wrench wasandutsa mkangano wa malonda kukhala mlandu wa kupolisi. Jurisipurudensiya m'Chipwitikizi ndi zigamulo za makhoti, pomwe jurisipurudensi m'sukulu za Chingerezi kawirikawiri ndi phunziro la nzeru zakuya za malamulo. Konsiderasau ndi ulemu kapena kuganizira munthu, ndipo amene angatengere tanthauzo limeneli pa konsidareshoni akhoza kulemba kuti a Phiri adalibe konsidareshoni potanthauza kuti sadawaganizire a Banda, wochonga n'kuwerenga kuti wophunzirayu sakudziwa amene adayenera kupereka kanthu. Mawu otere si ambiri. Tsamba limodzi kumapeto kwa kope, lolembedwa pang'onopang'ono chaka chonse, likhoza kuwasunga onse amene munthu wakumana nawo.

Palinso amene amalangiza kuti wophunzira aleke kuganiza m'chilankhulo chake, aziganiza m'Chingerezi basi. Malangizowa ali ndi cholinga chabwino, chifukwa kumasulira liwu ndi liwu kumabereka ziganizo zopindika, komanso kumadya nthawi kawiri. Koma kupeza vuto la a Banda ndi ntchito ya nzeru, ndipo nzeru zimathamanga m'chilankhulo chimene munthu amatsutsira mtengo pamsika. Mwana wa mlimi wa mbatatesi amadziwa bwino kusiyana kwa kufunsa ndi kunenerera, chifukwa wakumva kangapo pa sikelo, ndipo kusiyana kumeneku ndiko kwalekanitsa mlandu wa Stevenson ndi wa Hyde. Palibe cholakwika kudzifunsa mumtima kuti, kodi a Banda amanenerera kapena amangofunsa? Malire ake ndi awa: funso likhoza kubadwa m'Chichewa, koma mawu a ntchito ndi chiganizo cha lamulo ziyenera kukhala zokonzeka kale m'Chingerezi tsiku la mayeso lisanafike. Pa lamulo lililonse lalikulu wophunzira akhale ndi chiganizo chimodzi chachifupi chimene adachilemba yekha, mphunzitsi kapena mnzake wodziwa n'kuchiona kuti n'cholondola. Akatero, m'chipinda cha mayeso Chingerezi chatsopano chimene ayenera kupanga ndi cha ziganizo za chifukwa zokha.

Wina akhoza kuda nkhawa kuti ndondomeko ya vuto, lamulo, kulumikiza ndi chigamulo ipangitsa mayankho onse kufanana ngati njerwa za chikombole chimodzi. Zimachitikadi pamene wophunzira waika mitu inayi ikuluikulu pa yankho lonse, n'kuunjika malamulo onse pansi pa mutu umodzi, zochitika zonse pansi pa wina, moti lamulo la Lachiwiri limatalikirana ndi uthenga wa Lachiwiri ndi tsamba lathunthu. Ndondomekoyi imagwira ntchito ikabwerezedwa pa vuto lililonse palokha, monga tachitira pamwambapa, ndipo kuganiza kwa wophunzira kumaonekera posankha vuto loti achedwepo ndi loti alidutse. Komanso njothandiza pa mafunso a nkhani yopeka ngati ya a Banda. Funso lofuna kuti munthu akambirane mfundo, monga ngati lamulo la konsidareshoni n'lachilungamo, limafuna kuti wolemba anene mbali imene waima pa ndime yoyamba n'kuiteteza. Pa funso lotero wochokera ku Tete ali ndi chuma chimene anzake alibe, chifukwa akhoza kuonetsa kuti tsidya lina la malire ndime 230 ikadamanga a Phiri, bola anene momveka kuti akuyerekeza, ndipo kuti lamulo logamula mlandu wa ku Ntcheu ndi la Malawi.

Zonsezi zimafuna nthawi, ndipo nthawi imagawidwa munthu asanayambe kulemba. Ngati pepala ndi la maola atatu ndipo mafunso oyankha ndi anayi a malikisi ofanana, funso lililonse lili ndi mphindi 45. Mwa izo, 10 zipite powerenga funso kawiri ndi kulemba m'mbali masiku ndi mavuto, 30 polemba, 5 powerenganso. Wolemba m'chilankhulo chachitatu amaona ngati mphindi 10 zoyambazo n'zotayika poti dzanja lake njochedwa kale, koma iyeyo ndiye amazifuna kuposa wina aliyense, chifukwa alibe mpata wolemba tsamba lolakwika n'kuyambiranso. Mphindi 45 zikakwana asiye, ngakhale mtima ukukana, poti malikisi oyamba a funso latsopano amapezeka msanga kuposa otsiriza a funso lakale. Ndipo powerenganso asasake chilichonse, ayang'ane alowam'malo, mawu a akhoza ndi ayenera, ndi ngati chiganizo chomaliza chauza a Banda chochita.

Inu amene mukukonzekera mayeso otere, tengani funso la a Phiri ndi a Banda, musinthe chinthu chimodzi chokha: dalaivala sadanene kanthu, ndipo a Banda adamva za Mayi Mbewe Loweruka. Muliyankhe m'Chingerezi pa mphindi 45, wotchi ili patebulo, buku litatsekedwa. Kenako mupatse pepalalo mnzanu amene sadaone funso, awerenge kamodzi, mumufunse kuti wapambana ndani ndipo chifukwa chiyani. Akalephera kuyankha, mupeze chiganizo chimene adasokerapo ndipo muchidule pawiri.